Chigayo sichiwerenga miyezi: kakonzedwe ka kalendala ya sevisi potsata maola

M'magulu ambiri amene ali ndi chigayo cha dizilo muli lamulo limodzi lodziwika: oyilo wa injini asinthidwe kumapeto kwa mwezi, msungichuma akatha kuwonkhetsa ndalama. Lamuloli ndi losavuta kulikumbukira, ndipo gulu lolitsata lili bwino kuposa gulu lodikira kuti injini iyambe kulira mwachilendo. Komabe lili ndi chilema chachikulu. Injini imatha potsata nthawi imene yazungulira, pamene mwezi umatha ngakhale injini itakhala chete. Phunziro lino likufotokoza mmene komiti ya chigayo ingakonzere kalendala ya sevisi powerenga maola amene injini yagwira ntchito, ndi mmene maolawo angasandutsidwire kukhala masiku enieni olembedwa pakhoma, komanso ndalama zenizeni zosungidwa pambali.

Tiyambe ndi masamu ochepa, chifukwa ndiwo akuwonetsa pagona vuto. Taganizirani chigayo chimene chimagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, anthu atangokolola, mzere wa matumba ndi madengu umayamba m'mamawa, ndipo injini ikhoza kuzungulira maola 8 pa tsiku. M'mwezi wa masiku 26 ogwira ntchito, amenewo ndi maola 208. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, anthu amabwera ndi timabeseni, ndipo injini yomweyo mwina imazungulira maola awiri okha pa tsiku, kutanthauza maola 52 pa mwezi. Mabuku a injini zambiri zazing'ono za pisitoni imodzi, zimene zimayendetsa zigayo m'midzi, amalamula kuti oyilo asinthidwe pakatha maola 100 aliwonse. Choncho gulu losintha oyilo pamwezi limamugwiritsa ntchito kuwirikiza kawiri muyeso wake m'nyengo yokolola, nthawi imene injini ikuvutika kwambiri, ndipo m'nyengo ya njala limataya oyilo amene wangofika theka la moyo wake, nthawi imene ndalama zili zosowa. Kalendala ya miyezi imalakwitsa mbali zonse ziwiri.

Wina angaone ngati maola 100 ndi ochepa. Tiwayerekeze ndi galimoto. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola, ikayenda maola 100 imakhala itadutsa makilomita 5,000, omwe ndi maulendo pafupifupi 16 ochokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Palibe dalaivala wanzeru amene angadabwe kumva kuti galimoto yotere ikufunika oyilo watsopano. Chigayo chimayenda ulendo womwewo chili pamalo amodzi, ndipo chifukwa choti sichisuntha, eni ake saona kutalika kwa ulendowo.

Nambala ya 100 tiigwiritsa ntchito m'phunziro lonseli, koma buku limene linabwera ndi injini yanu ndilo lili ndi mawu omaliza. Injini zina, makamaka zokhala ndi fyuluta ya oyilo yeniyeni yosinthidwa, zimaloledwa kufika maola 250. Ngati bukulo lili m'Chingerezi, pemphani mphunzitsi kapena mlangizi akuthandizeni kumasulira tsamba limodzi lokha la ndandanda ya sevisi, ndipo mulikopere m'kope la chigayo. Bukulo lisungidwe ndi mlembi, chifukwa likakhala m'nyumba ya chigayo limatha ndi fumbi, oyilo ndi makoswe.

Kuwerenga maola popanda mita

Majenereta ndi mathirakitala ambiri ali ndi kamita kowerenga maola, koma injini zambiri za zigayo zilibe. Pali njira ziwiri zotsekera mpata umenewu, ndipo ndi bwino kuzigwiritsa ntchito zonse pamodzi.

Njira yoyamba ndi kope ndi wotchi. Woyendetsa chigayo amalemba nthawi imene waliza injini ndi nthawi imene waizimitsa, ulendo uliwonse. Ngati waliza 7 koloko m'mawa ndi kuzimitsa 12 koloko, amenewo ndi maola 5. Ngati walizanso 2 koloko masana ndi kuzimitsa 5 koloko, ndi maola ena 3. Tsikulo lili ndi maola 8, ndipo amawaphatikiza pa chiwerengero cha dzulo. Ngati dzulo kope linathera pa 1,228, lero lithera pa 1,236. Chiwerengero chimenechi sichibwerera pa ziro mwezi ukatha kapena chaka chikatha. Chimangokwerabe, monga imachitira mita ya makilomita pa galimoto. Mphindi zisakusokonezeni: kuwerengera ku theka la ola lapafupi ndi kokwanira. Chofunika kukumbukira ndi chakuti nthawi imene injini ikulira yopanda chimanga, podikira kuti mayi wina amalize kupeta kapena kuti ndalama yosintha ipezeke, imawerengedwanso. Oyilo amatentha ndi kuda ngakhale chigayo chisakugaya.

Njira yachiwiri ndi kuwerenga dizilo. Injini yogwira ntchito yofanana imamwa dizilo wofanana pa ola. Kuti mudziwe kamwedwe ka injini yanu, dzazani thanki mpaka pakamwa m'mawa, gwirani ntchito tsiku lonse mukulemba maola, ndipo madzulo dzazaninso ndi chigubu chodziwika muyeso wake. Malita amene alowa muwagawe ndi maola a tsikulo. Chitani zimenezi masiku atatu kapena anayi kuti mupeze nambala yapakati. Tinene kuti mwapeza malita 2 pa ola. Ndiye kuti maola 100 ndi malita 200, omwe ndi mgolo umodzi wathunthu, kapena zigubu khumi za malita 20. Lamulo la gulu likhoza kukhala lachidule chotere: chigubu chakhumi chikatha, oyilo asinthidwe.

Ubwino wogwiritsa ntchito njira zonse ziwiri ndi wakuti imodzi imalondera inzake. Ngati kope likunena maola 100 koma dizilo amene wagulidwa ndi malita 260, pali chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina maola ena sakulembedwa, kutanthauza kuti pali kugaya kumene ndalama zake sizikufika kwa msungichuma. Mwina dizilo akutuluka ndi njira ina, podontha kapena m'botolo la munthu. Mwinanso injini yayamba kumwa mopitirira chifukwa fyuluta ya mpweya yatsekeka, nozo yatha, kapena nyundo za chigayo zabuntha. Komiti isathamangire kuloza chala woyendetsa isanayang'ane injini, chifukwa chifukwa chachitatuchi chimachitika kawirikawiri.

Nanga injini yakale imene maola ake a m'mbuyo sadziwika? Musavutike kuyerekeza. Sinthani oyilo, tsukani mafyuluta onse, itanani makaniko ayeze mavavu, ndipo tsiku limenelo mulembe ziro m'kope. Kalendala iyambire pamenepo.

Makwerero a kalendala

Kalendala ya sevisi ili ngati makwerero. Pali ntchito za tsiku ndi tsiku, za maola 100, za maola 500, ndi ntchito yaikulu yotsegula injini. Sitepe yapamwamba imatenga ntchito zonse za masitepe apansi: pa maola 500 mumachitanso zonse za pa maola 100.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imatenga mphindi khumi, injini isanalizidwe. Woyendetsa asolole kachitsulo koyezera oyilo, akapukute, akabwezere, ndi kukasololanso. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri. Kuda kwa oyilo sikuyenera kumudetsa nkhawa, chifukwa oyilo wa injini ya dizilo amada msanga ndi mwaye ngakhale ali watsopano, ndipo n'chifukwa chake maso sangakuuzeni nthawi yomusintha. Zimene maso angakuuzeni ndi zina ziwiri. Oyilo akaoneka motuwa ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo. Oyilo akamakwera pa kachitsulo popanda wina kuthiramo, ndipo akununkha dizilo, ndiye kuti dizilo akutsikira m'munsi mwa injini. Zonse ziwiri zikufuna makaniko tsiku lomwelo, kalendala inene zimene inganene.

Akatha oyilo, aone madzi oziziritsa injini. Injini zambiri za mtundu uwu zili ndi thanki yotseguka pamwamba, momwe madzi amawira ndi kuuluka ngati nthunzi, choncho amafunika kuwonjezera ngakhale pakati pa tsiku. Madzi a mvula osungidwa mumgolo ndi abwino kuposa a pamjigo pamene madzi ake ali amchere, chifukwa madzi amchere amasiya chikhungwa choyera, chofanana ndi chija chimamera m'ketulo, ndipo chikhungwacho chimaletsa kutentha kutuluka. Ngati madzi aphwa injini ili yotentha kwambiri, musathiremo madzi ozizira nthawi yomweyo: chitsulo cha mutu wa injini chikhoza kung'aluka. Zimitsani, dikirani izizire, kenako thirani.

Pa fyuluta ya mpweya tikhalitsepo, chifukwa apa m'pamene chigayo chimasiyana ndi makina ena onse. Maola olembedwa m'buku anawerengedwa poganizira injini yopuma mpweya wabwino. M'nyumba ya chigayo mpweya ndi wodzaza ndi ufa, gaga ndi fumbi la m'chimanga, moti woyendetsa amaweruka ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zimene zamuyeretsa iyezo n'zimene injini yakhala ikukoka tsiku lonse. Fumbi la mchenga likadutsa fyuluta limasakanizika ndi oyilo n'kukhala ngati phala lonolera, ndipo limadya maring'i a pisitoni ndi khoma la silinda pang'onopang'ono. Choncho ngakhale buku litanena maola 50 kapena 100, m'nyengo yokolola fyuluta ya mpweya iyang'anidwe tsiku lililonse.

Mafyuluta a mpweya alipo a mitundu iwiri. Mtundu wina uli ndi kambale ka oyilo pansi ndi ukonde wa waya pamwamba. Kambaleko kakadzaza matope, tayani oyilo wakudayo, tsukani kambale ndi ukonde m'dizilo kapena m'parafini, dikirani zidonthe, ndipo thirani oyilo watsopano kulekeza pa mzere. Mukapitiriza mzere, injini imakoka oyiloyo n'kumuwotcha. Mtundu wina ndi wa pepala. Umenewu sutsukidwa ndi madzi kapena dizilo. Umagogodedwa pang'ono kuti fumbi ligwe, ndipo ukang'ambika, ngakhale kabowo kochepa, umasinthidwa. Kuchotseratu fyuluta kuti injini "ipume bwino", monga ena amachitira ikayamba kufooka, ndi njira yachidule yophera injini. Gulu limene likumanga nyumba ya chigayo yatsopano lichite bwino kuika khoma pakati pa injini ndi chigayo, lamba yekha azidutsa pabowo. Khoma limenelo limachepetsa fumbi lofika ku fyuluta kuposa kutsuka kulikonse.

Pa maola 100 pali kusintha oyilo. Ntchitoyi ichitike injini itangozimitsidwa, ikadali yofunda, chifukwa oyilo wofunda amatuluka mosavuta ndipo amatenga zinyalala zisanakhazikike pansi. Masulani bawuti ya pansi, oyilo agwere m'beseni, ndipo mupatseni nthawi adonthe mpaka atheretu. Injini zambiri zazing'ono zili ndi kasefa ka waya kosefa oyilo. Katulutseni, katsukeni m'dizilo, ndipo kayang'anitsitseni. Tizidutswa tonyezimira ta chitsulo pa kasefako ndi uthenga wakuti mabeyaring'i a m'kati ayamba kudyeka. Bwezerani zonse, thirani oyilo wa mtundu umene buku lanena, womwe kawirikawiri ndi wa injini za dizilo wolembedwa 15W-40 kapena SAE 40 pa chigubu. Lizani injini mphindi zingapo, zimitsani, dikirani pang'ono, ndipo yezaninso. Oyilo wogulidwa m'mabotolo osatsekedwa m'mbali mwa msewu ndi wotchipa, koma palibe angakutsimikizireni chimene chili m'botolomo. Oyilo wakale asungidwe m'chigubu chotseka. Asathiridwe pansi kapena m'ngalande, makamaka pafupi ndi chitsime kapena mjigo.

Tsiku lomwelo tsukani fyuluta ya dizilo ndi kukhetsa madzi ndi zinyalala zokhala pansi pa thanki. Mukatsegula njira ya dizilo, mpweya umalowamo, ndipo injini imakana kulira mpaka mpweyawo utatulutsidwa pomasula kabawuti kake kufikira dizilo atatuluka wopanda thovu. Woyendetsa aliyense aphunzitsidwe zimenezi, chifukwa n'zomvetsa chisoni kulipira makaniko ulendo wautali pa ntchito ya mphindi zisanu. Dizilo wogulidwa mumgolo asiyidwe masiku awiri osagwedezeka asanagwiritsidwe ntchito, ndipo potunga musafike pansi penipeni.

Mbali ya chigayo chenicheni nayo ilowe m'sitepe yomweyi, injini itazimitsidwa. Dinikizani lamba pakati ndi chala: pa lamba wotalika mita imodzi pakati pa mapule awiri, kulowa kwa sentimita imodzi ndi theka ndi kwabwino. Lamba wolefuka amaterereka, amatentha ndi kulira; wokungika kwambiri amapha mabeyaring'i. Ngati malamba ndi awiri kapena atatu ndipo mmodzi watha, sinthani onse, chifukwa watsopano amakhala wamfupi kuposa akale otanuka ndipo amasenza katundu yekha. Mabeyaring'i apatsidwe girisi pang'ono. Girisi wochuluka amawatenthetsa m'malo mowaziziritsa. Tsegulani chigayo muone nyundo ndi sefa. Nsonga za nyundo zikabulungira, nyundo zimatembenuzidwa kuti mbali yakuthwa igwire ntchito, koma zitembenuzidwe zonse nthawi imodzi, iliyonse ibwerere pamalo pake. Mukatembenuza zina n'kusiya zina, kapena kusakaniza zatsopano ndi zakale, chigayo chimayamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumamasula mabawuti ndi kuswa mabeyaring'i.

Pa maola 500 ndi ntchito ya makaniko. Iye amayeza mpata wa mavavu ndi kuukonza, amatulutsa nozo n'kuona ngati ikupopera dizilo ngati nkhungu kapena ikungodontha, amasintha fyuluta ya dizilo, ndi kuchotsa chikhungwa m'njira za madzi. Ntchito yaikulu yotsegula injini, yoona maring'i, silinda ndi mabeyaring'i a m'kati, mabuku ambiri a injini zoterezi amaiika pakati pa maola 1,000 ndi 2,000. M'chitsanzo chathu tiika pa 1,500. Injini yatsopano, kapena imene yangoikidwa maring'i atsopano, ili ndi lamulo lake: oyilo woyamba amasinthidwa msanga, kawirikawiri pa maola 50 kapena asanakwane, chifukwa zitsulo zatsopano zikamazolowerana zimatulutsa tizidutswa tambiri.

Pali lamulo linanso limodzi limene limabwezera miyezi m'kalendala. Oyilo amawonongeka ngakhale injini itangokhala, chifukwa chinyontho chimalowamo. Choncho lembani kuti: maola 100 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana. Kwa chigayo chogwira ntchito chaka chonse maola ndiwo amayamba kukwana nthawi zonse. Lamuloli limakhudza kwambiri pampu ya ulimi wothirira, imene imagona dzinja lonse. Isanayambe ntchito m'chilimwe, oyilo wake asinthidwe ngakhale anali ndi maola 30 okha.

Kuchoka pa maola kufika pa tsiku

Maola olembedwa m'kope sathandiza ngati sauza anthu tsiku loti oyilo akhale atagulidwa. Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Gulu lina linasintha oyilo kope likuwerenga maola 1,200. Mlembi analemba pakhoma ndi choko kuti: oyilo wotsatira pa 1,300. Lolemba pa 1 Juni m'mawa, kope likuwerenga 1,236. Otsala ndi maola 64. Sabata yathayi chigayo chimagwira maola 8 pa tsiku, choncho 64 kugawa ndi 8 ndi masiku 8 ogwira ntchito. Kuyambira Lolemba pa 1 mpaka Loweruka pa 6 ndi masiku asanu ndi limodzi. Lamulungu chigayo chimapuma. Lolemba pa 8 ndi Lachiwiri pa 9 akukwanitsa masiku asanu ndi atatu. Ndiye kuti oyilo asinthidwe Lachiwiri pa 9 Juni madzulo, poweruka. Mlembi azunguliza tsiku limenelo pa kalendala ya pakhoma, ndipo azungulizanso Loweruka pa 6 kuti ndilo tsiku lomaliza logula oyilo, kuti pasakhale chifukwa chakuti msungichuma wapita kumaliro ndi makiyi.

Komiti ikhoza kuona kuti Lachiwiri ndi tsiku la msika, anthu amachuluka mpaka mdima, ndipo n'kwabwino kuchita ntchitoyi Loweruka pa 6 madzulo. Pamenepo kope lidzakhala pa 1,284, maola 16 asanakwane. Palibe cholakwika. Kufulumira pang'ono kumangotayitsa kandalama kochepa, pamene kuchedwa kumadya chitsulo. Koma akatero, oyilo wotsatira awerengedwe kuchokera pa 1,284, kutanthauza 1,384, osati 1,400. Muyeso umayambira pa ola limene ntchito yachitikadi.

Tsopano tiyang'ane patali. Sevisi ya makaniko yomaliza inachitika pa maola 1,000, choncho yotsatira ili pa 1,500, ndipo m'chitsanzo chathu ikukumana ndi ntchito yaikulu yotsegula injini. Kuchokera pa 1,236 patsala maola 264, omwe ndi masiku 33 ogwira ntchito, kapena masabata asanu ndi masiku atatu. Zimenezi zikutifikitsa cha pa 8 Julayi, kapena tsiku limodzi pambuyo pake ngati chigayo chidzapuma pa tchuthi cha pa 6 Julayi. Apa m'pamene kalendala ya maola ikuonetsa phindu lake. Komiti ikudziwiratu, milungu isanu nthawi isanakwane, kuti injini idzafunika kutsegulidwa pakati penipeni pa nyengo ya ndalama. Ili ndi nthawi yopangana tsiku ndi makaniko, yoitanitsa maring'i ndi magasiketi kuchokera m'tauni, ndi yolengeza kumipingo ndi kwa a mfumu kuti chigayo chidzatsekedwa masiku awiri, anthu agayitsiretu. Komanso ikuphunzirapo kanthu ka chaka chamawa: ngati ntchito yaikulu ikuoneka kuti idzagwera m'nyengo yokolola, n'kwanzeru kuifulumiza, ichitike mu Malichi kapena Epulo pamene kutseka chigayo sikutayitsa zambiri.

Masiku ozungulizidwawa ndi oyerekeza, ndipo amasuntha. Mlembi awerengenso Loweruka lililonse: maola otsala kugawa ndi maola a pa tsiku a sabata imeneyo. Ntchito ikachepa mu Sepitembala n'kufika maola 4 pa tsiku, maola 100 atenga masiku 25 ogwira ntchito m'malo mwa 12 ndi theka, ndipo tsiku lozungulizidwa lipita patsogolo lokha.

Mtengo wa ola limodzi

Kalendala zambiri zimafera pa ndalama. Tsiku limakwana, koma m'thumba mulibe kanthu chifukwa phindu linagawidwa kale. Mankhwala ake ndi kuwerengera mtengo wa sevisi pa ola lililonse. Mitengo yotsatirayi ndi yongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe; gulu liikepo mitengo ya kumsika kwawo ya mwezi uno. Tinene kuti oyilo, girisi ndi zina za pa maola 100 zimadya K40,000: ndiye K400 pa ola. Sevisi ya makaniko ya pa maola 500, pamodzi ndi malamba ndi sefa, idye K150,000: ndiye K300 pa ola. Ntchito yaikulu ya pa maola 1,500 idye K600,000: ndiye K400 pa ola. Zonse pamodzi ndi K1,100 pa ola. Tsiku la maola 8, msungichuma apatule K8,800 asanawerenge phindu. Tsiku la maola awiri apatule K2,200. Ndalama imeneyi ikhale ndi tsamba lake m'buku, ndipo isabwerekedwe kwa mamembala, chifukwa tsiku loibweza ndi tsiku la maola 1,500 sizigwirizana kawirikawiri. Mitengo ikakwera, masamuwa abwerezedwe.

Nambala imeneyi ithandizanso pokambirana mtengo wogayitsira. Ngati ndalama zolowa pa ola sizikukwana dizilo, malipiro a woyendetsa ndi K1,100 ya sevisi, chigayocho chikudzidya chokha, ngakhale m'bokosi mukuoneka ndalama madzulo aliwonse.

Zimene kalendala singaone

Kalendala imateteza ku kutha kwa pang'onopang'ono, koma zina zimabwera pakati pa masiku ozungulizidwa, ndipo utsi ndiwo umayamba kunena. Utsi wakuda ukutanthauza kuti dizilo sakupsa yense: yambani ndi fyuluta ya mpweya, kenako onani ngati woyendetsa sakuthira chimanga chochuluka kuposa mphamvu ya injini, ndipo zikapitirira, nozo iyezedwe. Utsi wobiriwira motuwa ndi oyilo amene akupsa, mwina chifukwa wathiridwa mopitirira mzere, mwina chifukwa maring'i atha. Utsi woyera wa m'mawa kukuzizira umatha injini ikafunda; ukapitirira, pali madzi m'dizilo kapena m'silinda, kapena nozo sikupopera bwino. Oyilo wowonjezera pakati pa sevisi alembedwenso m'kope. Ngati kale mumawonjezera kapu imodzi m'maola 100 ndipo tsopano mukuwonjezera lita yathunthu, ntchito yaikulu yafika, ngakhale kope lili pa 1,350.

Kwa eni njinga zamoto ndi magalimoto njira ndi yomweyi, kungoti m'malo mwa maola mumawerenga makilomita pa mita. Lembani nambala ya pa mita tsiku la sevisi, wonjezerani makilomita amene buku lanena, ndipo gawani otsala ndi makilomita a pa tsiku. Wakabaza woyenda makilomita 100 pa tsiku, amene buku la njinga yake lanena makilomita 2,000, akufunika oyilo pakatha masiku 20 ogwira ntchito. Pa misewu yafumbi, ndi katundu wolemera, mabuku ambiri amalangiza kufupikitsa muyesowo. Mita ili ndi chilema chake: siwerenga nthawi imene injini ikulira galimoto itaima, choncho galimoto yodikira nthawi yaitali injini ikulira isinthidwe oyilo makilomita asanakwane. Mita ikafa, waya wake ukonzedwe sabata yomweyo, ndipo podikira werengani malita a mafuta monga tachitira ndi chigayo.

Chotsala ndi kugawana ntchito. Woyendetsa ndiye amalemba maola tsiku ndi tsiku. Mlembi amawonkhetsa Loweruka ndi kuzunguliza masiku. Msungichuma amapatula ndalama ya pa ola ndi kugula zofunika. Pa sevisi iliyonse membala mmodzi wa komiti akhalepo, aone ndi maso ake oyilo wakale akutuluka ndi chigubu chatsopano chikutsegulidwa, ndipo asayine m'kope pamodzi ndi amene wagwira ntchitoyo, polemba tsiku, maola, zimene zasinthidwa ndi mtengo wake. Komiti ikasintha pa chisankho, kope la maola liperekedwe kwa atsopano pamodzi ndi makiyi ndi buku la ndalama, ndipo nambala yomaliza ya m'kopemo ilembedwe m'maminitsi a msonkhano wa tsikulo.